Uthenga wa katemera umene namwino sangachite nawo manyazi

Sabata yomaliza ya mwezi wa Epulo chaka chilichonse, kuyambira pa 24 mpaka pa 30, mayiko a mu Afirika amakumbutsana za katemera. Mwambowu unayamba mu 2011, ndipo masiku ano zipatala zolipira za m'matauni ngati Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba nazonso zimafuna kuti zioneke kuti zikutengapo mbali. Amajambula chithunzi cha mwana wonenepa bwino ali m'manja mwa mayi ake, amachiika pachikwangwani cha pageti, pa Fesibuku ndi pa Watsapu. Kenako pamatsala ntchito imene ambiri amaiona ngati yaing'ono: kulemba mawu a pansi pa chithunzicho.

Nthawi zambiri ntchitoyi imagwera mtsikana kapena mnyamata wa pamalo olandirira alendo, amene amadziwa bwino kugwiritsa ntchito foni koma sanabayepo mwana jakisoni. Abwana amangoti, lembani zoti anthu abwere ambiri. Iye amalemba ndi mtima wabwino, ndipo amagwera m'limodzi mwa maenje awiri. Mwina aopseza makolo, mwina awalonjeza zimene katemera aliyense pa dziko lapansi sangakwaniritse.

Mawu amenewa sathera pachikwangwani. Mayi amene wawawerenga Lolemba abwera nawo m'mutu Lachiwiri, ndipo Lachiwiri lomwelo usiku, mwana akatentha thupi, adzawakumbukira limodzi ndi limodzi. Amene adzayankhe mafunso m'mawa mwake si wolemba uja. Ndi namwino. Choncho muyeso wa uthenga wabwino ndi uwu: kodi namwino angabwereze mawu onsewa maso ndi maso kwa kholo limene silinagone usiku wonse, popanda kubweza ngakhale amodzi?

Chitsanzo chithandiza. Pali chipatala chaching'ono cholipira, chongoyerekeza, chokhala ndi anamwino awiri ndi firiji imodzi ya katemera. Wolemba wake wayamba motere: "Makolo chenjerani! Poliyo wabweranso! Mwana wosabayitsa akhoza kulumala kapena kufa nthawi ina iliyonse. Musadzalire mawa. Thamangani lero!"

Uthengawu sunachoke pabodza lokhalokha. Mu Febuluwale 2022 boma la Malawi linalengeza kuti mtsikana wa zaka 3 ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, amene anamupuwalitsa cha kumapeto kwa 2021. Aka kanali koyamba kuti mtundu umenewu wa poliyo upezeke m'dziko muno kuyambira 1992, ndipo akatswiri anapeza kuti kachilomboko kanali ka mtundu wochokera ku Pakistan. Nachonso chikuku sichocheza nacho: mu 2010 chinagwira anthu oposa 130,000 m'Malawi ndi kupha oposa 300. Matendawa ndi oopsadi, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezo.

Koma mantha sagwira ntchito mmene wolemba amaganizira. Mu 2014, Brendan Nyhan ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa makolo oposa 1,700 ku Amerika. Anawaonetsa mauthenga osiyanasiyana olimbikitsa katemera wa chikuku. Palibe uthenga ndi umodzi womwe umene unawonjezera chidwi cha makolo chofuna kubayitsa ana. Choposa apo, makolo amene anaonetsedwa zithunzi za ana odwala anayamba kukhulupirira kwambiri mphekesera yabodza yoti katemerayo amawononga ana, ndipo amene anawerenga nkhani yomvetsa chisoni ya mwana amene anatsala pang'ono kufa anayamba kuopa kwambiri zovuta za katemera weniweniyo. Amerika si Malawi, komabe chimene chinachitika m'mitima ya makolowo n'chodziwika kulikonse. Munthu ukamuika pa mantha, manthawo sasankha pomatirira. Amamatirira pa matenda, amamatiriranso pa singano.

Palinso kholo lina limene uthenga woopseza umalithamangitsa, ndipo ndi lomwelo limene sabata ya katemera inapangidwira. Ndi mayi amene anadumphitsa masiku. Mwina anasamuka, mwina kunagwa maliro, mwina buku la kusikelo linanyowa ndi mvula n'kung'ambika. Mwana tsopano ali ndi chaka ndi miyezi iwiri ndipo katemera wa chikuku wa pa miyezi 9 sanalandire. Mayiyu akudziwa kale kuti anachedwa. Chimene chikumulepheretsa si umbuli, ndi manyazi: akuopa kukakalipiridwa pamaso pa amayi anzake. Akawerenga kuti "musadzalire mawa", amamva chala chikumuloza, ndipo amakhala kunyumba. Mawu amene angamudzutse pamkeka ndi ena, ndiponso ndi oona: mwana amene anadumphitsa katemera sayambiranso pachiyambi, amangopitiriza pamene analekezera. Chiganizo chimodzi chimenechi chili ndi mphamvu kuposa zizindikiro zonse zofuulira zimene zili mufoni.

Mawu oti "poliyo wabweranso" alinso ndi vuto lawo. Kulengeza mliri ndi ntchito ya Unduna wa Zaumoyo. Chipatala cholipira chikatenga nkhani ya zaka zapitazo n'kuilemba ngati ya lero, uthengawo umayenda m'magulu a pa Watsapu wopanda tsiku, ndipo pofika madzulo anthu akhala akuuzana kuti m'dera mwawo mwagwa mliri.

Wolemba uja, atalangizidwa, wasintha. Tsopano akumwetulira: "Tetezani mwana wanu kotheratu! Katemera wathu ndi wamphamvu, wochokera kunja, wopanda vuto lililonse. Mwana wobayitsa kwathu sadwala."

Uwu ndi wokoma m'makutu, koma ndiwo woopsa kwambiri, chifukwa bodza lake limaululika m'nyumba mwa kholo. Ndi bwino kuuphwanya pang'onopang'ono.

Palibe katemera woteteza kotheratu. Wa chikuku ndi mmodzi mwa amphamvu kwambiri, komabe akaperekedwa pa miyezi 9, pafupifupi ana 85 mwa 100 aliwonse ndi amene thupi lawo limapanga chitetezo chokwanira. Ena aja amakhala adakali ndi chitetezo chimene anabadwa nacho kuchokera kwa mayi, ndipo chimenechi chimasokoneza katemera asanagwire ntchito. N'chifukwa chake pali wachiwiri pa miyezi 15, amene amakweza chiwerengerocho kufika pa 95 kapena kuposerapo. Chipatala chimene chauza mayi kuti jakisoni mmodzi watseka nkhani chamuuzanso, mosazindikira, kuti pa miyezi 15 asavutike kubwera. Ndipo ulendo wa pa miyezi 15 ndi umene makolo ambiri amauiwala kale, popeza mwana amakhala wayamba kuyenda ndipo kusikelo sakupitanso kawirikawiri.

BCG, amene amaperekedwa mwana akangobadwa, amateteza bwino ku mitundu yoopsa ya chifuwa chachikulu imene imagwira ana aang'ono, monga ija youmitsa khosi. Satsimikizira kuti munthuyo sadzadwala chifuwa chachikulu moyo wake wonse. Katemera wa taifodi, amene anayesedwa pa ana oposa 28,000 ku Ndirande ndi ku Zingwangwa asanayambe kuperekedwa m'dziko lonse mu 2023, anapezeka kuti amateteza pafupifupi 80 mwa 100. Katemera wa rota amalimbana ndi kachilombo kamodzi mwa tambiri toyambitsa kutsegula m'mimba. Mwana wolandira angathe kutsegulabe m'mimba chifukwa cha madzi oipa.

Chitsanzo chounikira kwambiri ndi katemera wa malungo. Malawi ndi dziko loyamba pa dziko lapansi kuyamba kumupereka kwa ana kusikelo, pa 23 Epulo 2019, m'maboma 11, kenako Ghana ndi Kenya anatsatira. Pa kafukufuku wamkulu amene anachitika izi zisanayambe, katemerayu anachepetsa kudwala malungo ndi pafupifupi 4 mwa 10 aliwonse pa zaka zinayi, kwa ana amene analandira kanayi konse. Wina angaone ngati n'zochepa. Koma m'mayiko atatu aja, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linapeza kuti imfa za ana a msinkhu wolandira katemerayu zinatsika ndi 13 mwa 100 alionse. Amenewa ndi ana ambiri amene ali moyo lero. Choonadi chake n'chokwanira kunyadira, sichifuna kuthiridwa mchere. Koma wolemba akati "mwana wobayitsa sadwala malungo", banja lina lipinda neti n'kuiika m'sutikesi, ndipo mwana akatentha thupi achedwa kupita naye kukayezetsa poganiza kuti sangakhale malungo. Apa kukokomeza kungathe kupha.

Mawu akuti "wopanda vuto lililonse" ndi amene amamuvutitsa namwino kuposa onse. Katemera amene mwana amabayidwa pantchafu pa masabata 6, 10 ndi 14, uja woteteza ku matenda asanu kuphatikizapo kafumbata ndi chifuwa chokoka mtima, kawirikawiri amatenthetsa thupi. Mwana amalira, pobaya pamafiira kapena kutupa pang'ono, ndipo zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri. BCG amatulutsa kachotupa paphewa pakapita masabata angapo, kamaphulika, kamapola kokha n'kusiya chipsera chimene anthu ambiri akuluakulu ali nacho mpaka lero. Wa chikuku amachita zake mochedwa: ana ena amatentha thupi kapena kutuluka tizidzolo tochepa patapita sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono, nthawi imene kholo laiwala kale za jakisoni. Mayi amene anauzidwiratu zonsezi amayamwitsa mwana pafupipafupi, amamuvula zovala zokhuthala, amadikira. Mayi amene anauzidwa kuti palibe vuto lililonse amaona kuti ananamizidwa, ndipo amayamba kudzifunsa kuti china chimene anamubisira n'chiyani. Pa masabata 10 sabweranso. Amauzanso apongozi ake, ndi oyandikana nawo nyumba, ndi amayi a kumpingo.

Zovuta zazikulu zilipo koma n'zosowa kwambiri. Kuwengedwa koopsa, kumene mwana amabanika ndi kutupa nkhope, kumachitika pafupifupi kamodzi pa majakisoni 1 miliyoni, ndipo kumabwera m'mphindi zoyambirira. Ichi n'chifukwa chake kholo limapemphedwa kukhala kaye pabenchi kwa mphindi 15 mpaka 30 lisanapite. Zonsezi sizingalowe pansi pa chithunzi, ndipo siziyenera kutero. Chofunika n'chakuti uthengawo usatsutsane ndi zimene namwino adzanene pakamwa.

Kenako pali mawu aja akuti "katemera wathu" ndi "wochokera kunja". Apa ndi pamene chipatala cholipira chimayesedwa kwenikweni, chifukwa pali ndalama. Katemera wa ana wa pa ndondomeko ya boma amaperekedwa kwaulere m'zipatala za boma ndi kumasikelo oyendera m'midzi, kumene alangizi a zaumoyo amafika. Zipatala zambiri zolipira zimene zimabaya ana zimalandira katemera yemweyo kudzera ku ofesi ya zaumoyo ya m'boma lawo. Ndipo wa bomayo nayenso amachokera kunja. Kulemba mokhala ngati wa kuchipatala cholipira ndi wapamwamba kuposa wa kusikelo n'kuipitsa mbiri ya katemera amene ana ambiri a m'dziko muno amadalira. Mayi wogulitsa tomato amene alibe ndalama yolipira akawerenga zoterozo amatsala ndi maganizo oti mwana wake akulandira zotsalira.

Chipatala cholipira chili ndi zake zoona zimene chinganene popanda kunyoza wina: mzere waufupi, kutsegula Loweruka kapena madzulo anthu ataweruka, nthawi yokwanira yofunsa mafunso. Bambo wogwira ntchito mpaka 5 koloko amalipira zimenezi mokondwa. Koma adziwiretu kuti akulipira chiyani. Ngati katemera ndi wa boma ndipo ndalamayo ndi ya ntchito, uthenga unene choncho, ndi mtengo wake. Ngati pali katemera wina amene chipatala chinagula chokha ndipo sali pa ndondomeko ya boma, asiyanitsidwe bwino, kuti kholo lisaganize kuti lalakwira mwana posamugula. Mawu akuti "ulere" olembedwa ndi zilembo zazikulu, pamene pakauntala pakudikira bilu, amawononga chikhulupiriro mofanana ndi bodza la zamankhwala. Tisaiwalenso kuti zipatala zolipira ndi madokotala ake amalembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo amene amayankha mlandu pa zolembedwa m'dzina la chipatala ndi mwini chiphaso, osati mnyamata wa foni uja. N'chinthu chanzeru kuti uthenga usatuluke namwino kapena dokotala asanauwerenge.

Pali kanthu kena kamene wolemba sangakadziwe ngati sanalowe m'chipinda chobayira n'kufunsa. Katemera wa BCG ndi wa chikuku amabwera ngati ufa m'timabotolo, ndipo botolo limodzi limakhala la ana angapo. La BCG limakwana ana 20. Akangosungunula, liyenera kugwiritsidwa ntchito pasanathe maola 6, lotsala limatayidwa. Chipatala chaching'ono sichingatsegule botolo tsiku lililonse chifukwa cha mwana mmodzi, ndiye chimasankha masiku ake. Uthenga wongoti "bwerani tsiku lililonse" ubweza mayi amene wakwera minibasi ziwiri ndi khanda kumsana. Kufunsa namwino kuti m'firiji muli katemera uti, wokwana ana angati, ndipo uti amaperekedwa liti, ndiyo ntchito yoyamba, cholembera chisanagwiridwe. Ngati chipatala chilibe wa malungo, asatchulidwe n'komwe.

Atafunsa zonsezi, wolemba wa chipatala chongoyerekeza chija angatulutse uthenga ngati uwu:

"Sabata ya katemera wa ana, 24 mpaka 30 Epulo, 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, kupatula Lamulungu. Tikubaya ana osapitirira zaka 5 motsatira ndondomeko ya Unduna wa Zaumoyo. BCG ndi wa chikuku: Lachiwiri ndi Loweruka m'mawa. Bwerani ndi buku la kusikelo; ngati linatayika kapena munadumphitsa masiku, bwerani ndithu, mwana apitiriza pamene analekezera. Katemera amachepetsa kwambiri chiopsezo cha matenda monga chikuku, poliyo ndi kafumbata. Ana ena amatentha thupi pang'ono kwa tsiku limodzi kapena awiri. Namwino akufotokozerani zochita. Katemera ndi waulere, ntchito ndi K3,000. Amapezekanso kwaulere kuchipatala cha boma chimene muli nacho pafupi."

Uthengawu suwala ngati awiri oyamba aja, ndipo abwana ena angaume mtima poona chiganizo chomaliza, chimene chikuoneka ngati chikutumiza makasitomala kwina. Koma amene angakwanitse K3,000 ndipo akufuna kupewa mzere abwerabe. Amene sangakwanitse sakanabwera ngakhale chiganizocho chikanapanda kulembedwa. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano wakumbutsidwa kopita. Chikuku chikalowa m'dera sichifunsa kuti mwana uyu amapita chipatala chiti, ndipo khanda la miyezi 6 la kasitomala, limene msinkhu wobayitsa sunakwane, limatetezedwa ndi ana a anzake amene anabayitsa kusikelo.

Kandandalikidwe ka mawuwo kali ndi cholinga. Zoyamba ndi zimene kholo likufuna kuti likonze tsiku lake: liti, nthawi yanji, ana a msinkhu uti, litenge chiyani. Matenda atchulidwa mayina okha, atatu basi, popanda kufotokoza mmene amaphera. Aliyense amene anakulira m'Malawi akudziwa chikuku. Agogo ambiri anaika ana m'manda chifukwa cha icho, ndipo safunika kuwajambulira chithunzi. "Amachepetsa kwambiri chiopsezo" ndi mawu amene namwino angawaimire pa katemera aliyense wa matenda atatuwo. Za kutentha thupi zalembedwa pamodzi ndi kutalika kwake komanso ndi munthu wothandiza, chifukwa vuto lotchulidwa lopanda malire limaopsa, pamene lotchulidwa ndi malire ake limakhazika mtima pansi.

Zizindikiro zofunika kuthamangira nazo kuchipatala, monga kukomoka, kubanika, kukana kuyamwa, kapena kulira kosalekeza kwa maola atatu, malo ake si pansi pa chithunzi chimene chikuyenda m'mafoni a anthu osadziwika. Malo ake ndi pakamwa pa namwino ndi pa kapepala kamene mayi apatsidwe akamatuluka, pamene angathe kufunsa n'kuyankhidwa. Funso limene makolo amafunsa kawirikawiri, ngati mwana wa chimfine angabayidwe, nalonso liyankhidwe komweko: kudwala pang'ono sikulepheretsa katemera, koma mwana wodwalika namwino amuone kaye.

Za chithunzi, mwachidule. Mwana wolira singano ili pantchafu amafafaniza mawu onse abwino a pansi pake. Ndipo mwana wa kasitomala asajambulidwe n'kufalitsidwa makolo ake asanavomere momveka bwino, atauzidwa kumene chithunzicho chikaonekere.

Chotsala ndi chilankhulo. Zipatala zambiri zolipira zimalemba m'Chingerezi chokha poganiza kuti makasitomala awo ndi ophunzira. Koma amene amabwera ndi mwana m'kati mwa sabata nthawi zambiri ndi agogo kapena wolera mwana, ndipo amene akhale naye usiku atatentha thupi ndi yemweyo. Uthenga ulembedwe m'Chichewa, kapena m'Chitumbuka, m'Chiyao, malinga ndi dera, ndipo usanatumizidwe uwerengedwe mokweza kwa mayi mmodzi wa pabenchi, amene afunsidwe kuti wamva zotani. Akanena kuti wamva kuti mwana sadzadwalanso, kapena kuti kunja kuno kwaopsa, ndiye kuti ntchito sinathe.

Inu makolo amene muone zikwangwani zoterezi mwezi wa Epulo ukubwerawu, tsegulani buku la kusikelo la mwana wanu muone ngati pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15 panalembedwa tsiku. Ngati pali mpata, pitani naye, kaya kolipira kaya kwa boma. Mukafika, funsani namwino mafunso atatu: akubaya katemera wanji, mwana angamve bwanji akafika kunyumba, ndipo mudzabwerenso liti.